Kava ndi zitsamba zina zokhazika mtima pansi: mafunso ndi mayankho pa za chiwindi komanso kuphatikiza ndi mankhwala ena

Kava sanafale kwenikweni kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, simungamupeze pa msika wa Lizulu ngati mmene mumapezera kabichi. Koma timabotolo tayamba kufika, ena amatumiziridwa ndi abale a ku Joni, ena amaitanitsa okha kunja atamva zoti amathandiza tulo ndi maganizo. Nde mafunso omwe anthu amandifunsa amakhala omwewomwewo, ndawasonkhanitsa apa. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi choti ambiri omwe amafuna kava amakhala ali kale pa mankhwala ena.

Kodi kava ndi chani? Ndi mtundu wa chinangwa kapena chamba?

Ayi, si chinangwa, si chamba. Ndi chitsamba cha ku zilumba za m'nyanja ya Pasifiki monga Vanuatu, Fiji, Samoa ndi Tonga, ndipo ndi cha banja limodzi ndi tsabola wakuda uja wogaya. Pa botolo dzina lake la sayansi amalemba Piper methysticum. Eni ake amakumba mizu, kuisinja kapena kuigaya, kuifinyira m'madzi ozizira nkusefa, chimatuluka chakumwa chooneka ngati madzi amatope chomwe amamwera limodzi pa miyambo ndi pocheza madzulo.

Womwe amafika kuno nthawi zambiri si wa mtundu umenewo, amakhala makapisozi, timadzi todontheza, tiyi wa m'timapaketi kapena ufa.

Amachita chani m'thupi?

Mphamvu yake ili mu zinthu zotchedwa makavalakitoni, zikuluzikulu zilipo zisanu ndi chimodzi. Choyamba chomwe munthu amamva akamwa wa madzi ndi dzanzi pa lilime ndi milomo, kenako thupi limamasuka, nkhawa imatsika, ndipo akawonjeza amayamba kuwodzera, miyendo kulemera mpaka kudzandira. Mu ubongo muli njira yomwe ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro, tinene kuti mabuleki a ubongo, madokotala amati GABA. Kava amakankha njira imeneyo. Mowa umakankhanso yomweyo, dayazepamu ndi fenobabitoni chimodzimodzi, ndipo apa mpomwe pali gwero la nkhani ya kuwodzera yomwe ili kumunsiku.

Omwe amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa miyezi khungu lawo limauma nkuchita mamba, ku Fiji amati kanikani. Limabwerera munthu akasiya.

Nanga nkhani ya chiwindiyi inayamba bwanji?

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makapisozi a kava ankagulitsidwa kwambiri ku Ulaya ndi ku Amereka ngati mankhwala a nkhawa. Madokotala a ku Jeremani ndi ku Siwizalandi anayamba kulandira anthu omwe chiwindi chawo chatupa, maso achikasu, opanda matenda ena odziwika, chofanana chinali choti onse ankamwa kava. Mu 2002 bungwe loona za matenda ku Amereka la CDC linalemba za anthu 11 a ku Amereka, Jeremani ndi Siwizalandi omwe chiwindi chinasiyiratu kugwira ntchito mpaka kuwaika china. Chaka chomwecho Jeremani inachotsa kava pa msika, bungwe la FDA ku Amereka linachenjeza anthu mu Malichi, ndipo Mangalande nayo inaletsa. Mu 2014 khoti la ku Jeremani linagamula kuti chiletso chija chinapitirira muyezo poyerekeza ndi umboni womwe unalipo.

Nde choona chake ndi ichi, kuvulala chiwindi chifukwa cha kava sikuchitika kwa anthu ambiri, mwa omwe amamwa ndi ochepa kwambiri omwe zimawagwera. Koma zikagwera munthu zimatha kufika poipa, ndipo palibe njira yodziwira pasadakhale kuti zigwera ndani. Anthu 11 aja anali m'mayiko momwe opaleshoni yoika chiwindi china imachitika. Kuno ku Malawi sichitika.

Ngati anthu a ku zilumba akhala akumwa kuyambira kalekale, bwanji ena akuvulala?

Akatswiri amatchula zifukwa zingapo ndipo sagwirizana pa chimodzi. Choyamba ndi kapangidwe, eni ake amagwiritsa madzi pomwe mafakitale ambiri nthawi ija ankatulutsa mphamvu yake ndi asetoni kapena sipiriti, zomwe zimakoka zinthu zambiri kuposa madzi. Chachiwiri ndi mbali ya mtengo, eni ake amamwa mizu basi, koma malonda atakwera ena ankaphatikiza makungwa a tsinde ndi masamba, momwe muli zinthu zina zoopsa ku chiwindi. Chachitatu ndi mtundu. Ku Vanuatu amasiyanitsa mitundu yabwino yomwa tsiku lililonse, pa paketi amalemba noble, ndi ina yotchedwa tudei chifukwa munthu amakhala wolefuka masiku awiri. Dzikolo linakhazikitsa lamulo la kava mu 2002 lokhudza mitundu imeneyi. Palinso nkhani ya chuku pa mizu yosauma bwino, chomwe ife olima mtedza timachidziwa kale, komanso kusiyana kwa matupi a anthu pa kagayidwe ka mankhwala.

Koma musatenge kuti wa madzi ndi wopanda vuto konse. Alipo anthu ochepa omwe anavulala chiwindi atamwa wa madzi yemweyo, ndipo omwe amamwa kwambiri ku zilumbako akayezedwa magazi nambala ya chiwindi yotchedwa GGT imapezeka yokwera.

Ndani yemwe asayerekeze nkomwe kumwa kava?

Aliyense yemwe chiwindi chake chasenza kale katundu. Ndipo apa mpomwe ife timasiyana ndi munthu wa ku Ulaya yemwe analembera malangizo a pa botolo aja. Matenda a kutupa chiwindi a hepataitisi B ndi ofala m'dziko muno, ndipo munthu amatha kukhala nawo zaka zambiri osamva kalikonse. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, nde wobadwa chaka chimenecho chisanafike sanalandire ali mwana. Likodzo la m'matumbo nalo limalimbitsa chiwindi pang'onopang'ono, izi ndikunena makamaka kwa anzathu a kumunsi kwa Golomoti, Mtakataka ndi madera a kunyanja. Onjezanipo kachasu ndi chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosungidwa pachinyezi.

Choncho amene anadwalapo chikasu, amene ali ndi hepataitisi, amene amamwa mowa pafupipafupi, amene ali pa mankhwala omwe ndatchula mu mafunso awiri otsatirawa, asamwe. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana nawonso ayi. Odwala matenda onjenjemera a Pakinisoni ayi, chifukwa kava amalimbana ndi mankhwala awo a levodopa. Ngati simunayezetsepo hepataitisi B ndiye kuti simukudziwa ngati muli m'gulu limeneli kapena ayi, kayezetseni kaye.

Ndili pa mankhwala a TB. Kapisozi mmodzi usiku angavute?

Chonde musamwe, olo mmodzi. Mu mapilitsi a TB a miyezi iwiri yoyamba muli mankhwala anayi, ndipo atatu mwa iwo, aisoniyazidi, rifampisini ndi pirazinamaidi, amadziwika kuti amatha kuvulaza chiwindi paokha. Nchifukwa chake ku kiliniki amakuyang'anani m'maso ndi kukuletsani mowa. Mukaonjezapo kava vuto limakhala pawiri. Loyamba ndi loti chiwindi chalandira chinthu chachinayi choti chilimbane nacho. Lachiwiri anthu saliganizira, maso akasanduka achikasu dokotala yemwe sakudziwa za kava aganiza kuti ndi mankhwala a TB, awaimitsa, adikira chiwindi chitsike kenako nkumawabwezera limodzilimodzi, nthawi yonseyo TB ikupeza mpata, pomwe inu mukupitiriza kapisozi uja usiku uliwonse.

Omwe ali pa mankhwala oteteza TB omwa kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu nkhani ndi yomweyi, mulinso aisoniyazidi.

Nanga ma ARV, panado ndi mowa?

Ambiri pano ali pa TLD, ma ARV atatu mu pilitsi limodzi, yomwe payokha sivutitsa chiwindi ngati mmene inkachitira nevirapini kale, koma ambiri omwewo akumwanso bakitirimu, ena oteteza TB, ena ali ndi hepataitisi B. Amene akadali pa efavirenzi dziwani kuti imeneyo imabweretsa kale chizungulire ndi maloto, komanso imakhudza chiwindi. Ine malangizo anga ndi oti kava ayi. Ndipo ngati mwayamba kudwala muli pa zonse ziwiri, chosiya nokha ndi kava, ma ARV musasiye popanda dokotala, chifukwa mankhwala awiri a mu TLD amapondereza hepataitisi B ndipo mukawasiya mwadzidzidzi imatha kubuka mwamphamvu.

Panado amagayidwa ndi chiwindi. Malire a munthu wamkulu wathanzi ndi magalamu 4 patsiku, kutanthauza mapilitsi 8 a mamiligalamu 500, ndipo kwa womwa mowa kapena wosadya bwino malirewo amatsika. Vuto ndi loti mankhwala ambiri a chimfine a m'magolosale ali kale ndi panado mkati, nde munthu amadutsa malire osadziwa. Pa chiwindi chotere musaonjezepo kava.

Mowa ndiye woipitsitsa chifukwa umagunda mbali zonse ziwiri, chiwindi komanso kuwodzera. Kachasu, masese, Chibuku kapena wa m'botolo, palibe kusiyana.

Ndingadziwe bwanji kuti chiwindi chayamba kuvulala?

Sizibwera tsiku lomwe mwayamba. Kwa anthu omwe zinawachitikira nthawi zambiri zinayamba pakati pa masabata awiri ndi miyezi isanu ndi umodzi chiyambire kumwa, nchifukwa chake munthu salumikiza, amati kava ndayamba kalekale sangakhale iyeyo.

Zoyamba zimakhala zosokoneza, kutopa kosadziwika bwino, kusafuna nsima olo ndiwo zili zabwino, nseru, kupweteka kapena kulemera pansi pa nthiti za kumanja. Ambiri amati ndi malungo. Kenako mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka olo mukumwa madzi okwanira, chimbudzi chimatuwa, thupi limayabwa popanda zotupa, ndipo choyera cha m'maso chimasanduka chikasu. Pa khungu lathu lakuda chikasu sichioneka msanga, yang'anani m'maso ndi pansi pa lilime, panja masana osati pa nyali kapena tochi ya foni. Omwe ali pa rifampisini mkodzo wawo umafiira kale ngati fanta, nde iwowo adalire maso, nseru ndi kusanza.

Zoopsa zothamangira nazo ku chipatala ola lomwelo ndi kusokonezeka mutu, kugona usana nkumakhala maso usiku, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, kusanza kosalekeza ndi kutupa mimba. Pa munthu wa chikasu kuwodzera musakutenge ngati tulo ta kava, kumatha kukhala chizindikiro choti chiwindi chikulephera kusefa magazi.

Ku chipatala akandiyeza chani, ndipo manambala aja amatanthauza chani?

Nyamulani botolo lenilenilo ndipo nenani tsiku lomwe munayamba ndi kuchuluka komwe mumamwa. Amatenga magazi nkuyeza ALT, AST ndi bilirubini, nthawi zambiri amayezanso malungo ndi hepataitisi B. ALT ndi chinthu chomwe chimakhala mkati mwa maselo a chiwindi, maselowo akamawonongeka chimatayikira m'magazi. Malire ake amakhala cha pa 40, ngakhale labu iliyonse imalemba ake pa pepala.

Tiyerekeze bambo wina wogulitsa mbatatesi ku Tsangano, ali m'mwezi wachiwiri wa mankhwala a TB, tulo sakugona chifukwa cha ngongole ya feteleza, mlamu wake wamubweretsera kava ndipo wamwa masabata asanu. Wayamba nseru, nsima akusiya theka. ALT yatuluka 150. Kuchulukitsa 40 katatu ndi 120, nde wadutsa, ndipo lamulo lomwe madokotala a TB amatsata ndi loti ALT ikapitirira katatu munthu ali ndi zizindikiro, kapena kasanu olo alibe zizindikiro, mankhwala amaimitsidwa. Bilirubini ikakweranso, kutanthauza kuti chikasu chayamba, nkhaniyo ndi yaikulu kuposa ALT yokha. Bamboyu akanena za kava, dokotala amuuza asiyiretu, ayezanso magazi pakapita masiku, ndipo pobwezera mankhwala a TB akhala akudziwa chithunzi chonse. Akabisa, zichitika zomwe ndafotokoza pa funso la TB.

Mankhwala ochotsa kava m'chiwindi kulibe, chithandizo ndi kusiya msanga ndi kuyang'aniridwa. Ambiri omwe asiya msanga amachira m'miyezi yochepa. Zija zogulitsa zoti zimatsuka chiwindi musaonjezepo.

Ndi mankhwala ati omwe amawonjezera kuwodzera akakumana ndi kava?

Onse omwe paokha amagonetsa. Omwe timakumana nawo kwambiri kuno ndi dayazepamu, fenobabitoni ndi kabamazepini a khunyu, amitiriputilini yemwe ambiri amalandira chifukwa cha kutentha kwa mapazi, pilitoni ndi fenegani, mankhwala a matenda a maganizo monga kilopromazini ndi haloperido, ndi opha ululu amphamvu monga tiramado, kodini ndi mofini. Kodini amapezekanso mu mankhwala ena amadzi a chifuwa. Kabamazepini ndi valupuroweti amakhudzanso chiwindi, ndipo wa khunyu asayese chitsamba chilichonse chogonetsa popanda kufunsa ku kiliniki yake.

Izi si zongoganizira. Mu 1996 madokotala a ku Amereka analemba za bambo wa zaka 54 yemwe ankamwa alupurazolamu, mankhwala a banja limodzi ndi dayazepamu, nkuonjeza kava kwa masiku atatu, anafika ku chipatala ali wolefuka osadziwa komwe ali.

Koma mankhwala aliwonse ndikumwa mlingo wochepa, zingafike poipa bwanji?

Chifukwa thupi siliwerengera botolo lililonse palokha, limalandira zonse pamodzi. Tiyerekeze mayi wa zaka 60 wa kwa Bembeke, amamwa amitiriputilini wa mamiligalamu 25 usiku uliwonse ndipo anamuzolowera. Mu Juni, kuzizira kwathu kuja, wagwidwa chimfine, cha m'ma 7 madzulo wamwa pilitoni wa mamiligalamu 4. Cha m'ma 8 wamwa amitiriputilini wake, nkuonjeza makapisozi awiri a kava omwe mwana wake anatumiza. Palibe chomwe wadutsa muyezo. Koma pilitoni ndi amitiriputilini onse amagonetsa, onse amaumitsa kukamwa ndi kusokoneza mutu kwa okalamba, amitiriputilini amatsitsanso BP munthu akaimirira, ndipo kava wafewetsa minofu ya miyendo.

Pakati pa usiku akadzuka kupita panja, mdima, miyendo yosalimba, chizungulire, apa mpomwe agogo amathyoka chiuno. Ndipo china chomwe chimandiopsa kwambiri kuno kwathu ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka mawindo. Mpweya wa makala umapha olo munthu sanamwe kanthu, koma amene wagonetsedwa ndi zinthu zitatu mwayi woti mutu ukayamba kupweteka adzidzimuke nkutsegula chitseko umachepa. Mmawa zonsezi sizikhala zitatha, pilitoni ndi amitiriputilini amakhalitsa m'thupi mpaka tsiku lotsatira.

Munthu wamwa zophatikiza ndipo sakudzuka bwinobwino, titani?

Mugwedezeni, muitaneni mokweza. Ngati sakuyankha, kapena akungotsegula maso nkugonanso, akupuma pang'onopang'ono osakwana 12 pa mphindi, akuliza nkonono wachilendo kapena milomo yasintha mtundu, pezani galimoto mupite ku chipatala, osati kudikira kuche. Podikira mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, mufunditseni, tulutsani mbaula nkutsegula mawindo. Osamumwetsa mkaka, madzi a mchere kapena khofi, osamusanzitsa, munthu wosadzuka bwino zimenezo zimalowa m'mapapo. Pa njinga yamoto munthu wotere amagwa, ngati palibiretu njira ina wina akhale kumbuyo amugwire. Tengani mabotolo onse ndi buku lake la kuchipatala.

Pa botolo langa alemba 250 mg, ndi wambiri kapena wochepa?

Nambala imeneyo payokha sikukuuzani kanthu, fufuzani pomwe alemba kavalactones. Ngati kapisozi ndi wa 250 mg ndipo alemba 30%, ndiye kuti makavalakitoni ndi mamiligalamu 75. Makapisozi atatu ndi 225, anayi ndi 300. Ku Ositireliya malire a makapisozi otere ndi mamiligalamu 250 patsiku, pomwe malangizo akale a ku Jeremani ankati 60 mpaka 120 patsiku ndipo osapitirira miyezi itatu popanda dokotala. Manambala amenewa ndi a munthu wathanzi yemwe sali pa mankhwala ena, ndipo ena omwe anavulala chiwindi ankamwa mlingo wa pa botolo womwewo.

Ngati botolo silikunena mbali ya mtengo yomwe agwiritsa, mtundu wake kapena kuchuluka kwa makavalakitoni, kapena wina wangokupimirani ufa mu jumbo, simukudziwa chomwe mukumwa. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi PMRA, ndipo zovuta zobwera ndi mankhwala, azitsamba omwe, a chipatala kapena a famase amatha kuzitumiza kumeneko.

Nanga zitsamba zina za tulo ndi nkhawa, bola zimenezo?

Zonse zogonetsa zimaphatikizana ndi mankhwala omwe ndatchula aja, kusiyana kwake ndi mphamvu. Valeriyani, kamomailo ndi pashonifulawa ndi zofatsa kuposa kava, koma pamwamba pa dayazepamu kapena mowa zimaonjezera ndithu. Ashiwaganda, yemwe watchuka kwambiri kwa anyamata a jimu, nayenso wavulazapo anthu chiwindi, chikasu ndi kuyabwa zimabwera patapita masabata angapo, ndipo dziko la Denimaki linamuletsa mu 2023. Kiratomu ndi wina woipa, amagwira ngati kodini, amazoloweretsa, ndipo kunja amakonda kumusakaniza ndi kava m'zakumwa.

Chimodzi choti a ma ARV achiloweze pamtima ndi chomwe pa botolo amalemba St John's wort. Vuto lake si tulo, koma chimapangitsa chiwindi kugaya mankhwala ena mothamanga, nde ma ARV ndi mapilitsi olera amachepa mphamvu. Chimabisala m'mabotolo osakaniza zitsamba zambiri, werengani timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo.

Ndingayendetse galimoto kapena kabaza nditamwa kava?

Ayi. Mutu umatha kumveka ngati uli bwinobwino pomwe manja ndi maso akuchedwa, ndipo chifunga cha pa M1 kapena makhona a Khwekhwerere safuna munthu wochedwa. Ngati munaphatikiza ndi chogonetsa china usiku, mmawa wakenso musayendetse.

Ndili ndi opaleshoni mwezi wamawa, ndinene?

Nenani, ndipo siyani kava kutatsala masabata awiri, chifukwa amaphatikizana ndi mankhwala ogonetsa a ku fiyeta.

Ndamwa kale mwezi wathunthu limodzi ndi mankhwala anga, ndingosiya lero?

Kava mutha kusiya lero lomwe, sadziwika kuti amabweretsa mavuto oopsa munthu akasiya mwadzidzidzi, kungoti kusowa tulo ndi nkhawa zomwe munamuyambira zija zitha kubwerera ndipo zimenezo mukazinene kwa dokotala chifukwa zili ndi chithandizo chake. Chomwe simuyenera kusiya nokha ndi mankhwala a kuchipatala. Dayazepamu yemwe mwamwa masabata ambiri ndi fenobabitoni mukawadula kamodzi mutha kugwa khunyu, amachepetsedwa pang'onopang'ono ndi dokotala. Za ma ARV ndanena kale pamwambapa. Womwa mowa kwambiri tsiku lililonse nayenso asiye mothandizidwa ndi a chipatala.

Ngati muli m'gulu lija la chiwindi chosenza katundu, pemphani kuti akuyezeni ALT sabata yomwe ino olo mukumva bwino, ndipo pitirizani kuyang'ana maso ndi mkodzo kwa masabata angapo mutasiya.